Thirayango ya 3, 4 ndi 8

Palibe thirayango ya mbali za masentimita 3, 4 ndi 8. Mbali ziwiri zazifupizo mukaziphatikiza zimangokwana 7, ndiye sizingakumane. Koma funso lotere linapezeka pa pepala la masamu la moko ya Fomu 4 limene sukulu yathu, kufupi ndi Bangula, inalandira kuchokera kwa okonza mayeso a sukulu zoyandikana. Linali la malikisi 5 pa 100: pezani engo yaikulu. Ndikukhulupirira wotayipa anafuna kulemba 6.

Tinalitulukira pochonga, ana atapita kale kwawo. Chinatidzutsa ndi chakuti amene anakhwatchakhwatcha kwambiri anali ana anzeru aja. Anatsata njira yoyenera, cos C = (9 + 16 − 64) ÷ 24, napeza −1.625, kakyuleta n'kuwayankha kuti Math ERROR. Ofooka anangolemba 90 n'kupitirira. Funso likamagwetsa akatswiri okhaokha, kayikirani funsolo.

Mkulu wa dipatimenti yathu anati, “Aphunzitsi, tingowapatsa onse 5, nkhani ithe.” Zimamveka zachilungamo, eti? Ine ndinapempha kuti tiwerengere kaye.

Tengani mwana amene wapeza 76 pa mafunso otsalawo, a malikisi 95. Mukamupatsa 5 yaulere afika 81. Mukachotsa funsolo n'kuwerengera pa 95, ndiye kuti 76 ÷ 95 × 100, apeza 80. Kusiyana kwake n'kochepa. Koma wa 19 amakwera kufika 24 m'malo mwa 20. Malikisi aulere amanyamula kwambiri amene ali pansi, ngati kuti akanalikhoza funsolo likanakhala labwino.

Pamene panawawa ndi pa mnyamata wina amene anapeza 36. Ife timakhozetsa pa 40. Ndi 5 yaulere akanakhoza ndi 41; powerengera pa 95 anatsalira pa 38. Ndimamudziwa, amapalasa njinga mtunda wautali dzuwa la kuno likuswa mtengo. Komabe moko ntchito yake n'kumuuza mwana pamene waima MANEB isanamuuze. Kumupatsa 41 kukanakhala kumugoneka tulo kutatsala miyezi yochepa.

Tinagwirizana zochotsa funsolo kwa aliyense, ndipo tinalemba chigamulocho tisanayambe kuphatikiza malikisi a ana ena, kuopa kuti nkhope zingatisinthe maganizo.

Chimene masamuwa sangabweze ndi nthawi. Mtsikana wina anabwereza funsolo katatu, kenako analemba m'mphepete kuti thirayangoyo siingajambulike, koma funso lomaliza la malikisi 8 sanalifike. Malikisi a nthawi yotayika sitinamuwonjezere, chifukwa palibe akanayeza mphindi za aliyense. Ndinangolemba pa lipoti lake kuti 71 yakeyo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene amadziwa. Lolemba lake ndinamupatsa choko kuti aonetse anzake pa bolodi chifukwa chimene 3 ndi 4 sizingafike pa 8.