Mpopi womaliza wa ku Thuchila ndi kalata ya abwana

Kalata inandipeza ndili m'ngalande, matope mpaka m'mawondo. Inabwera pa foni, tsamba limodzi lokha. Abwana akupuma pa ntchito kumapeto kwa chaka, ndipo kampani ikufuna kuti ineyo ndikhale manijala wa mapulojekiti onse a kum'mwera. Malipiro okwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, galimoto, mafuta. Anandipatsa masabata awiri oti ndiyankhe.

Zaka khumi zatha chichokereni ku Poly, yomwe ana a masiku ano amaitchula kuti MUBAS, ndipo zaka zonsezo ndakhala pa ntchito imodzi: madzi a m'mapaipi oyenda okha kuchokera m'phiri. Kwathu kuno ku Mulanje ntchitoyi ndi yakale. Inayambira ku Chingale ku Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande, kenako inafalikira m'midzi yozungulira phiri la Mulanje. Palibe pampu, palibe magetsi. Madzi amatapidwa pamwamba, nalowa m'thanki, natsika okha mpaka pa mpopi. Zimaoneka zophweka, koma zonse zimadalira kuwerengera bwino kutalika kwa malo ndi kukula kwa paipi.

Nditawerengera akazi anga kalatayo usiku, sanadikire kuti ndimalize.

"Abambo, mukuganizanso chiyani? Fizi ya mlamu wanga ija ikuchokera kuti? Denga la amayi lija mwaliiwala?"

Sanalakwe. Ndine woyamba kubadwa, ndipo amene ali woyamba pakhomo akudziwa kuti malipiro ake amagawidwa asanafike n'ku banki komwe. Koma m'mutu mwanga munali mpopi wina wake, ndipo ndiyenera kufotokoza za mpopiwo kuti mumvetse chomwe chinandisowetsa tulo.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, mapaipi ambiri m'dera lino anakokoloka. Umodzi mwa mizere yomwe kampani yathu inakonza umapereka madzi kwa anthu pafupifupi 2,400 m'midzi ya kufupi ndi mtsinje wa Thuchila. Ine panthawiyo ndinali pa sayiti ina. Patapita miyezi, a komiti ya madzi anayamba kudandaula: mpopi womaliza umatuluka usiku ndi masana, koma m'mawa, nthawi yomwe amayi onse amatunga, umangoti phee.

Mpopi ukauma, anthu amathamangira kunena kuti paipi yaphulika. Koma vuto lililonse lili ndi chizindikiro chake. Paipi yophulika imanyowetsa nthaka, udzu umabiriwira pamalo amodzi m'chilimwe, ndipo thanki imatsika ngakhale usiku pamene palibe akutunga. Mpweya ukatsekeka m'paipi, mpopi umatsokomola ndi kulavula. Uwu sunkachita zonsezi. Unkangofooka anthu akachuluka pa mipopi ina, n'kudzuka akachepa. Chizindikiro chimenecho chimaloza ku paipi yochepa.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerengera. Anthu 2,400, aliyense malita 36 pa tsiku, ndi malita 86,400. Ukawagawa pa maola 16 omwe anthu amatunga, paipi iyenera kunyamula lita imodzi ndi theka pa sekondi. Thanki ili mamita 30 pamwamba pa mpopi womaliza, ndipo mamita 30 amenewo ndiye mphamvu yonse yomwe tili nayo. Madzi akamayenda amakhulana ndi paipi n'kumataya mphamvuyo pang'onopang'ono. M'paipi ya mamilimita 63, pa liwiro limeneli, amataya pafupifupi mamita 7 ndi theka pa kilomita. Mzerewo ndi wa makilomita atatu, ndiye kuti amataya mamita 23, n'kutsala 7. Mpopi uyenera kutuluka.

Ndiye bwanji sukutuluka? Tinayenda ndi geji, kuyeza pulesha malo ndi malo, ndipo pa chigawo chomwe chinakonzedwa itatha mvula ija, pulesha inagwa msanga. Tinakumba. Pa mamita 600 anaikapo paipi ya mamilimita 50 m'malo mwa 63. M'manja kusiyana kwake ndi kochepa, mwana wasukulu sangakuone. Koma m'paipi ya 50 madzi omwewo amataya pafupifupi mamita 24 pa kilomita, katatu kuposa mu inzake ija. Mamita 600 amenewo anadya mamita ena khumi. Tinkafuna 33 pamene tili ndi 30. Amayi a kumapeto ankadzuka 3 koloko usiku chifukwa cha mamita atatu.

Amene anasainira kusinthako anali abwana omwe akupumawa, munthu amene anandiphunzitsa ine kuwerengera kumeneku. Ndinawafunsa mwaulemu tili awiri mu ofesi.

"Achimwene," anatero, "ya 63 kunalibe m'sitolo iliyonse ku Limbe. Kolera anali pakati pathu, anthu akumwa madzi a mumtsinje. Kontilakitala anandiimbira ndili pa mzere wa mafuta, ndikuthamangira msonkhano. Ndinati ikani yomwe ilipo."

Sindinawaweruze, ndipo mpaka lero sindiwaweruza. Anthu ambiri a m'midziyo analandira madzi aukhondo msanga chifukwa cha chiganizo chimenecho. Chomwe chinandipweteka n'chakuti yankho linali pafupi. Ya 50 inalipo yambiri. Akanaika ziwiri mogundizana m'ngalande imodzi, iliyonse ikananyamula theka la madzi, ndipo kutaya kukanatsika kufika pa mamita osakwana 7 pa kilomita. Mapaipi 100 owonjezera a mamita sikisi, basi. N'zomwe tinachita pambuyo pake, mpopi n'kutuluka. Kuwerengerako n'kwa mphindi khumi. Abwana ankadziwa kuwerengera. Analibe mphindi khumizo.

Nkhani imeneyi imakoka mbali ziwiri, ndipo n'chifukwa chake sindinagone. Mbali ina imati: waona, chiganizo chimapangidwa ndi amene ali ndi cholembera chosainira, ndiye ngati ukufuna kuti mipopi izituluka, khala pa mpandowo. Mbali ina imati: mpandowo ndi umene unachititsa kuti injiniya wabwino asawerengere.

Mwayi wanga ndi woti mpandowo ndinaulawapo. Kumapeto kwa 2023 abwana anadwala, ndipo ndinawagwirira miyezi itatu. Inali nthawi yomwe ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala. Mitengo ya mapaipi ndi simenti inasintha sabata imodzi, makontilakitala onse anabwera ndi makalata ofuna kuti tiwonjezere ndalama, ndipo ntchito yanga inasanduka kuwerenga mapangano ndime ndi ndime kuti ndione amene ali ndi ufulu wowonjezeredwa ndi amene alibe. Ndinaphunzira kulemba satifiketi yolipirira, kusunga kagawo ka ndalama mpaka ntchito itatsimikizika, kudikira pa benchi kuti fayilo isainidwe. Ndinauza anyamata anayi aganyu kuti ntchito yatha, mmodzi wa iwo mkazi wake ali woyembekezera. Ndinkalemba mu kabuku zomwe ndachita tsiku lililonse, chizolowezi cha ku sayiti. Nditabwerera kukabukuko kalata ija itabwera, ndinapeza kuti m'miyezi itatu ndinatsegula mapulani masiku anayi okha.

Sindikunena kuti ntchitoyo ndi yachabe, ayi ndithu. Popanda munthu wothamangitsa malipiro, palibe paipi yomwe imalowa pansi. Ndili ndi mnzanga wa m'kalasi amene amasangalala nazo zenizeni: akagwirizanitsa a khonsolo, amfumu ndi kontilakitala amabwera kunyumba akuimba mluzu. Ine ndinkafika kunyumba ndili ndi mutu. Pamene tsiku lija la geji, ndi dzuwa lonse lija, ndinafika ndikufotokozera ana za mamita atatu mpaka anagona.

Koma kukonda chinthu sikulipira fizi, ndiye ndinayenera kuyang'ananso njira ya ukatswiri mosadzinamiza. Kuno kwathu makwerero ake ndi aafupi. M'makampani ambiri ukafika pa injiniya wamkulu, pamwamba pako pali mamanijala okhaokha, ndipo mnyamata amene unamuphunzitsa kugwira levulo tsiku lina adzasainira tchuthi chako. Ndalama za katswiri zimabwera ndi mapulojekiti, ndipo mapulojekiti amatha. Mutha kudya nyama miyezi isanu ndi umodzi, kenako bonya miyezi inayi.

Komabe pali china chomwe ndinachiona powerenga mapepala a matenda a ntchito zikuluzikulu zamadzi. Kampani ikamapikisana, imayenera kutchula akatswiri ake ndi maina, ndipo mamalikisi amaperekedwa pa zaka zomwe munthuyo wakhala pa ntchito yeniyeniyo ndi mapulani omwe wajambula yekha. Kawirikawiri amafunanso digiri yachiwiri, ndi kuti akhale wolembetsedwa, zomwe kuno zimachitikira ku Malawi Engineering Institution. Amalawi okwanira zonsezi pa nkhani ya madzi si ambiri, ndipo mipando imeneyi nthawi zambiri imatengedwa ndi anthu ochokera kunja. Zaka khumi ndi pomwe munthu umayamba kuwerengedwa. Ndikachoka pano, ndichoka pakhomo penipeni.

Ndipo makomo awiriwa satseka mofanana. Katswiri wa zaka 15 akafuna kukhala manijala, amamulandira. Manijala amene wakhala zaka zisanu osajambula pulani, akafuna kubwerera, amamufunsa kuti ntchito yomaliza yomwe anawerengera yekha ndi iti, ndipo yankho limakhala lakale.

Ndinapita kwa eni kampani ndi pepala langa. Ndinakana umanijala, koma ndinapempha zinthu zitatu, zolembedwa osati zapakamwa: kuti kusintha kulikonse kwa pulani kuzidutsa mwa ine kusanasainidwe, kuti andipatse masiku ophunzirira digiri yachiwiri, ndi kuti pa tenda iliyonse yomwe dzina langa lalembedwa ndizilandirapo kanthu. Ziwiri zoyamba anavomera pomwepo. Chachitatu anati tidzakambirana, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Malipiro anakwera pang'ono, osafika ndi theka lomwe la zomwe zinali m'kalata. Galimoto inapita kwa mnzanga amene ndinamulandira pa ntchito zaka zinayi zapitazo. Tsiku loyamba kumuona akuiimika pa ofesi, mtima unandiwawa, sindibisa.

Akazi anga anakhala masiku awiri akungoyankha ndi mutu. Tsiku lachitatu anabwera ndi kope, tinakhala pa mkeka n'kugawa: fizi ya mlamu wawo tilipira m'magawo atatu, denga la amayi lidikira chaka china, tingosintha malata anayi odontha kwambiri.

Amayi nditawafotokozera, anangofunsa funso limodzi.

"Mwananga, ndiye kuti ubwanawo waukana, uzingokhalabe m'matope?"

Ndinati eya, amayi. Anapukusa mutu n'kunditumiza kukatunga madzi.

Sabata yatha manijala watsopano uja anandiimbira ali pa mzere wa mafuta. Kontilakitala wa mzere wina akuti paipi ya 90 kulibe, ilipo ya 75, aike? Ndinamuuza kuti andipatse mphindi khumi.