Choyezera chikuti 1.4, nanga bwanji wayilesi sikumveka ku Embangweni?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndati tikambeko za eriyo ndi chingwe chake. Pa boma pano tili ndi wayilesi yathu, Mzimba Community Radio, ndipo amene tili ndi abale kummwera kuno, ku Embangweni, Champhira kapena Jenda, timadziwa kuti wayilesi ya m'dera si yongovinira ayi. Uthenga wa maliro umadzera pomwepo, tsiku la sikelo ya ana pomweponso. Wayilesi iliyonse yaing'ono ikayamba kumveka mwa apo ndi apo, anthu amathamangira kunena kuti makina ndi ofooka, agule akulu. Ine ndikuti tisanawanene makinawo, tiyambe tayang'ana chingwe chimene chimakwera mlongoti.

Mukukumbukira chingwe chija timamanga pa mzati wa khonde pophunzira za mafunde? Ukachigwedeza, funde limathamanga mpaka pa mzati n'kubwerera. Lopita ndi lobwerera akamakumana, malo ena chingwe chimavina kwambiri, malo ena chimangokhala duu. Amenewo ndiye mafunde oima. Zomwezo zimachitika m'chingwe cha thiransimita, kungoti chovina ndi voliteji. Mphamvu ikafika pa eriyo ndipo eriyo yalephera kuilandira yonse, yotsalayo imabwerera. Tikagawa voliteji ya pamene yakwera kwambiri ndi ya pamene yatsika kwambiri, timapeza nambala imene pa choyezera amailemba kuti SWR. Ikakhala 1, palibe chobwerera. Ikamakula, ndiye kuti zobwerera zikuchuluka.

Chimene chimabweza mphamvuyo ndi kusiyana kwa impidansi. Mawuwa asakuopseni. Funde likamayenda m'chingwe, voliteji ndi karenti zimayenda mogwirizana pa mlingo wake, ndipo mlingowo timauwerenga m'maomu. Umadalira kunenepa kwa waya wa pakati, kukula kwa chikuto cha kunja, ndi pulasitiki imene ili pakati pa ziwirizi. Sudalira kutalika kwa chingwe, ndipo simungauyeze ndi matimita ya kulabu. Makina oulutsira mawu amapangidwa kuti azigwira ndi maomu 50, choncho chingwe chiyenera kukhala cha 50, eriyonso iyenera kuoneka ngati ya 50. Masamu ake ndi a Fomu 3 basi:

```
r = |ZL - Z0| / (ZL + Z0)
SWR = (1 + r) / (1 - r)
Pr / Pf = r × r
```

ZL ndi impidansi ya eriyo, Z0 ndi ya chingwe, Pf ndi mphamvu yopita, Pr ndi yobwerera. Apa ndatenga eriyo imene ikuchita ngati rezisita chabe, kuti masamu asatisokoneze. Eriyo ikakhala ya maomu 75, r ndi 0.2, SWR ndi 1.5, ndipo pa mawati 100 alionse amabwerera 4. Ikakhala ya 100, SWR ndi 2, amabwerera 11. Ikafika 150, SWR ndi 3, amabwerera 25.

Mwina muti mawati 11 pa 100 ndi chiyani. Zoonadi, womvera sangasiyanitse mawati 100 ndi 89. Vuto lili ku makina. Mawati 100 m'chingwe cha maomu 50 ndi mavoloti pafupifupi 71. SWR ikakhala 3, malo ena m'chingwemo voliteji imakwera kufika 106, malo ena imatsika kufika 35, ndipo pamene yatsikapo karenti ndiye imakwera. Mathiranzisita omaliza a thiransimita amalandira chilichonse chimene chagwera kumapeto kwa chingwe. Voliteji yochuluka imawaboola, karenti yochuluka imawatentha. N'chifukwa chake makina ambiri a masiku ano amadziteteza okha: akaona kuti zobwerera zachuluka amatsitsa mphamvu, kapena kuzima kumene. Ndiye wayilesi imatha kufooka ndi theka pamene makina ali bwinobwino, akungodzitchinjiriza. Makina opanda chitetezo choterechi amapsa, ndipo kwa wayilesi yodalira timauthenga ta malonda ndi ta maliro, kuyitanitsa zipangizo kutali si nkhani ya sabata imodzi.

Tsono nayi nkhani imene ndafuna kwambiri kuti muimve. Choyezera chimatha kukunamizani osanama. Mmodzi wa ana anga akale, amene tsopano amaika masola ndi madishi, anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, choyezera chikasonyeza nambala yabwino, si ndiye kuti zonse zili bwino?" Ndinamuyankha ndi chitsanzo chimene ndikupatseni pano. Manambala ake ndi oyerekeza, si a wayilesi yathu ya pa boma ayi.

Tiyerekeze thiransimita ya mawati 100 youlutsa pa 100 MHz, pakati pa malo a FM amene amayambira 87.5 mpaka 108. Eriyo ili pamwamba pa mlongoti ndipo chingwe ndi cha mamita 30. Pofuna kupulumutsa ndalama, agula chingwe chowonda cholembedwa RG-58. Impidansi yake ndi yolondola, maomu 50, koma pa 100 MHz chimadya mphamvu kwambiri: pa mamita 30, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi limene limafika. Ndiye pa mawati 100 aja, pamwamba pafika 33. Tinene kuti eriyoyo sinadulidwe bwino, SWR yake yeniyeni ndi 3. Ibweza gawo limodzi mwa anayi, mawati 8, ndipo opita mumlengalenga ndi 25 okha. Mawati 8 aja potsika adyedwanso ndi chingwe chomwecho, pansi pafika osakwana 3. Choyezera chili pansi, pafupi ndi makina. Chikuona 100 opita ndi 3 obwerera, ndiye chikulemba 1.4. Mmisiri akumwetulira, pamene magawo atatu mwa anayi a mphamvu sakutuluka m'eriyo n'komwe.

Pitirizani nacho chitsanzochi muone zodabwitsa. Mphepo yazula chingwe pa eriyo, pamwamba palibenso cholumikizika. Mawati 33 onse abwerera, pansi afika 11, choyezera chiti 2. Eriyo kulibe, koma nambala ikuoneka ngati ya vuto laling'ono. Tsopano ikanipo chingwe chonenepa cholembedwa RG-213, chimene pa mamita 30 chimafikitsa mawati pafupifupi 63. Ndi eriyo yolakwika ija, opita mumlengalenga ndi 47, ndipo choyezera chiti 1.9. Nambala yaipa, koma wayilesi ikumveka kutali kuposa kale. Chingwe chabwino chimaulula vuto, chingwe chodya mphamvu chimalibisa. Ndipo oyamba kutaya wayilesi ndi aja a kumalire, kuseri kwa mapiri, amene kale ankaimva movutikira.

Msampha wina ndi chingwe cha dishi, cholembedwa RG-6, chimene chimapezeka mosavuta m'masitolo a zamagetsi. Chimenechi ndi cha maomu 75. Pa kanema chilibe vuto, poti zipangizo za kanema ndi za 75 zonse. Mukachiika pakati pa makina a 50 ndi eriyo ya 50, makina aona impidansi iliyonse pakati pa 50 ndi 112, malinga ndi kutalika kwa chingwecho. Choyezera chitha kusonyeza 1 kapena kupitirira 2. Chizindikiro chake n'chakuti mukawonjezera kachidutswa ka theka la mita, nambala imasintha kwambiri. Zikatero musamadule chingwe pofunafuna nambala yokongola. Werengani zimene zalembedwa pa khungu la chingwecho.

Nanga vuto mungalipeze bwanji? Amisiri amakhala ndi rezisita yaikulu ya maomu 50 yotha kupirira kutentha, imene imameza mphamvu yonse popanda kuulutsa. Amayamba kuilumikiza pa makina penipeni. Choyezera chikasonyeza pafupi ndi 1 ndipo mawati akwana, makina alibe mlandu. Kenako amazimitsa makina, n'kukwera nayo rezisita ija pamodzi ndi choyezera, n'kuzilumikiza kumapeto kwa chingwe m'malo mwa eriyo. Mawati amene awerenge pamwambapo ndi amene amanena zoona za chingwe. Pomaliza amabwezeretsa eriyo, choyezera chili pamwamba pomwepo, ndipo apo ndiye amaona SWR yeniyeni. Pogwira zolumikizira kapena eriyo, makina azikhala ozima. Mawati ochepa chabe a mafunde amenewa amawotcha chala mpaka mkati.

Vuto likakhala la eriyo, kawirikawiri ndi kutalika kwake. Eriyo wamba ya ndodo ziwiri imakhala pafupifupi theka la funde, ndipo lamulo la amisiri n'lakuti gawani 143 ndi nambala ya MHz kuti mupeze mamita. Pa 100 MHz ndi mamita 1.43, pa 90 ndi 1.59. Kusiyana kwa masentimita 16 kumeneku n'kokwanira kuti eriyo yodulidwira malo ena ibweze mphamvu. Amene ali ndi chipangizo choyezera eriyo payokha amayang'ana pamene SWR yatsikitsitsa. Ikatsikitsitsa mmunsi mwa malo amene MACRA inakupatsani, ndodo zatalika, fupikitsani pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Ikatsikitsitsa pamwamba pake, zafupika. Izi aziyeza eriyo ili pamalo pake, chifukwa chitsulo cha mlongoti ndi malata a denga zimasintha impidansi.

Mdani womaliza ndi madzi. Mvula yathu ikalimba kuyambira Disembala, madzi amalowa pa cholumikizira cha pamwamba ngati sichinamatidwe bwino. Tepi wakuda wamba amamatuka ndi dzuwa. Pamafunika tepi wa labala wodzimata yekha, wakudayo n'kubwera pamwamba pake. Madzi akakhala pa cholumikizira, SWR imakwera mvula ikagwa n'kutsika kukacha. Akalowerera m'chingwe, waya wa kunja uja amada ndi kudyeka, chingwe chimayamba kudya mphamvu yochuluka, ndipo SWR imaoneka ngati ikukoma chaka ndi chaka. Nambala imene ikukoma yokha popanda wokonza, muziikayikira.

N'chifukwa chake ine ndimati chipangizo chotsika mtengo kwambiri pa wayilesi ndi kope. Tsiku lililonse m'mawa wina alembe mawati opita, mawati obwerera, ndi mmene kunja kwachera. Nambala ya tsiku limodzi sinena zambiri, koma ya miyezi isanu ndi umodzi imakuuzani tsiku limene zinthu zinayamba kusintha.

Anzanga ophunzitsa Fizikisi, yesani kupereka chitsanzo cha RG-58 chija kwa ana a Fomu 4 mukamaliza za mafunde. Musawauze yankho. Aloleni apeze okha kuti eriyo yozuka ikusonyeza 2, ndipo mudzandiuze mmene nkhope zawo zidzaonekere. Zabwino zonse, tikumana ulendo wina.