Imelo Ikakanirira mu Outbox

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta a m'maofesi, dandaulo lomwe ndimamva kawirikawiri ndi lakuti "Outlook yafa, sikutumiza." Nthawi zambiri pulogalamuyo imakhala ili bwinobwino. Chavuta ndi imelo imodzi yonenepa yomwe yatseka khomo mu Outbox, ndipo zinzake zafola kumbuyo kwake.

Mayi wina wowerengera ndalama pa kampani ina anasikana malisiti a mwezi wonse, n'kupeza fayilo ya PDF ya megabaiti 18. Outlook inailandira osadandaula, pakuti pa maakaunti wamba a pa intaneti imayamba kukana fayilo ikaposa megabaiti 20. Seva ya kampani yawo nayo malire ake anali megabaiti 20 omwewo. Mayiwo anadabwa chifukwa 18 ndi yochepa kwa 20.

Chinsinsi chake chili pa kayendedwe ka imelo. Fayilo siyenda momwe ilili, imayamba yasandutsidwa zilembo kudzera mu njira yotchedwa Base64, imene pa mabaiti atatu alionse imatulutsa anayi. Motero megabaiti 18 aja anafika pa seva ali 24 ndi kachidutswa. Seva inakana, Outlook inayesanso, ndipo ulendo uliwonse inkadya bandulo ya intaneti pachabe.

Mayiwo anayesa kuifufuta, koma panatuluka mawu akuti "Outlook has already begun transmitting this message." Imelo yomwe ili m'kati motumizidwa sitheka kuitsegula, kuisuntha kapena kuifufuta. Choncho mmisiri salimbana ndi imeloyo poyamba, amayamba waimitsa kaye Outlook.

Izi zimachitika pa Send/Receive, podina Work Offline. M'munsi mwa sikirini mumaoneka mawu akuti Working Offline. Kenako amatseka Outlook, natsegula Task Manager kuti aone ngati OUTLOOK.EXE yazimadi, chifukwa nthawi zina zenera limatsekeka pulogalamu ikugwirabe ntchito mobisika. Akaitsegulanso imakhala isanalumikizike, ndipo imelo ija imamasuka. Ikakanabe, amadina batani la Windows limodzi ndi R n'kulemba lamulo ili, lomwe limatsegula Outlook popanda timapulogalamu towonjezera tomwe timatha kugwira imelo:

```
outlook.exe /safe
```

Apa ndiye pofunika kudekha. Ambiri amathamangira Shift ndi Delete, zomwe zimachotseratu imelo osadutsa mu Deleted Items. Mayi uja anali atasikanira pa makina a ofesi ina ndipo analibe kope lina la malisitiwo, kotero kufufuta kukanawabwezera ku mulu wa mapepala. Ine ndimakokera imeloyo mu Drafts, kuitsegula kumeneko, kusunga fayilo pa kompyuta ndi Save As, kuitsegula kuti ndione kuti ili yonse, kenako n'kuichotsa pa imelo. Mawu a kalatayo ndi maadiresi a olandira zimatsala momwe zinalili.

Asanalumikizenso, mmisiri amayang'ana zomwe zatsala mu Outbox. Imelo yodikira kutumizidwa imaoneka ndi zilembo zopendekeka. Ngati wina anaitsegula n'kungoitseka, zilembo zimawongoka, ndipo sichoka mpaka ataitsegula n'kudinanso Send. Mayiwo anali ndi ina yotere, ya malipiro a mwini nyumba, yomwe ikanagona momwemo iwo akuganiza kuti inapita.

Ndimawapemphanso eni ake kuti aimbire wolandira. Nthawi zina seva imalandira imelo koma intaneti n'kuduka Outlook isanamve kuti yafika, ndiye imatumizanso. Wolandira amapeza makope angapo pomwe kuno Sent Items ilibe kanthu.

Chotsala ndi fayilo ija, pakuti iyenera kufikabe. Kuipanikiza mu ZIP sikuthandiza kwenikweni, chifukwa zithunzi za JPEG ndi PDF zosikana zimakhala zopanikizidwa kale. Malisiti a mayiwo anasikanidwa amitundu pa 600 dpi, pomwe zolemba zotere zimawerengeka bwino pa 200 dpi, zakuda ndi zoyera. Poti ofesi ya makinawo inali kutali, tinaika fayiloyo pa OneDrive n'kutumiza linki yokha, yotseguka kwa wolandirayo basi, popeza munali nkhani za ndalama. Google Drive imagwira ntchito yomweyo, ndipo Gmail imasandutsa yokha fayilo yoposa megabaiti 25 kukhala linki.

Titadinanso Work Offline, Outlook inalumikizika, Outbox inatsala yopanda kanthu, ndipo maimelo onse anaoneka mu Sent Items. Ndisanachoke ndinawalembera pa kapepala kuti pa seva yawoyo fayilo yomata pa imelo isamapitirire megabaiti 14, ndipo yoposa pamenepo izipita pa linki.