Kalata kwa achemwali: thupi likamaphwanya koma malungo mulibe

Okondedwa achemwali,

Kuno ku Mangalande tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba. Mwandiuza kuti thupi lakhala likuphwanya kwa miyezi yambiri, mukumadzuka otopa ngati simunagone, koma kuchipatala akayeza akuti malungo mulibe. Zimenezi zandisowetsa mtendere, chifukwa ndi momwe anayambira matenda amene ndikukhala nawo ine, otchedwa faibulomayaljiya.

Sindikunena kuti inunso muli ndi omwewo ayi. Dokotala amawatchula ululu ukakhala paliponse, kumanja ndi kumanzere, kumtunda ndi kumunsi kwa chiuno, kwa miyezi yosachepera 3, limodzi ndi kutopa, tulo tosapumitsa ndi kuiwalaiwala. Palibe kuyeza magazi kumene kumawaonetsa. Magazi amawayeza pofuna kuona ngati vuto si lina: kuchepa kwa magazi, chithokomiro chofooka, nyamakazi yotupitsa mfundo, HIV. Ngati mfundo zikutupa, thupi likutentha, mukuwonda kapena kutuluka thukuta usiku, bwererani kuchipatala msanga, chifukwa zimenezo si zizindikiro za matendawa.

Minofu yeniyeniyo siwonongeka. Vuto lili m'mitsempha ndi mu ubongo, zimene zimakuza ululu ngati wailesi yokwezedwa mpaka kumapeto, moti kungokugwira paphewa kumapweteka. Si ulesi, ndipo palibe anakulodzani. Mu 2021 bungwe la NICE, limene limalangiza madokotala kuno, linati pa ululu wokhalitsa wa mtundu uwu asamayambitse odwala panado, bulufeni kapena mankhwala amphamvu onga tiramado, chifukwa phindu lake silioneka. Linalimbikitsa masewera olimbitsa thupi. Ena amapatsidwa amitiripitilini pang'ono usiku kuti agone, koma woyenera kulamula zimenezo ndi dokotala.

Tsono chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Ndikukudziwani, achemwali. Tsiku limene mwadzukako bwino mumafuna kubweza ntchito yonse yotsalira: kuchapa mabulangete, kutunga madzi, kupita kuchigayo, madzulo kudimba. Mawa lake thupi lakana, mwagona masiku awiri. Mukamagona choncho minofu imafooka, tulo ta usiku timasokonekera, ndipo ntchito imene kale inali yopepuka imasanduka yolemera. Mukadzukanso mumapeza ntchito yaunjikana, n'kuyambiranso chimodzimodzi. Mwezi uliwonse mphamvu zimatsikirako.

Njira imene anandiphunzitsa a mafizo ndi yoyeza ntchito ndi wotchi, osati ndi mmene thupi likumvera tsikulo. Tiyeni titenge kuyenda. Tinene kuti tsiku labwino mumayenda mphindi 20 ululu usanakule, tsiku loipa mphindi 10. Pakati pake ndi 15. Chotsaniponso pang'ono, muyambire pa 12. Muziyenda mphindi 12 zimenezo masiku ambiri pa sabata, pamalo osakwera, mosathamanga, moti mutha kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu. Chovuta si tsiku loipa ayi, koma labwino lija, pamene miyendo ikufuna kupitirira. Zikakwana 12 imani, ngakhale mukumva kuti mungakafike kumsika.

Sabata ikatha bwino, onjezani mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Poyamba thupi limawawako, ndipo zimenezo si zoopsa. Koma ululu ukakula n'kukhalabe mpaka tsiku lotsatira lonse, ndiye kuti mwapyola muyeso. Bwererani pa mphindi za sabata yatha. Matenda akabuka, monga amachitira pa nthawi ya maliro kapena nkhawa, dulani pakati, muyende mphindi 6, koma musasiyiretu. Phindu limaoneka patapita masabata angapo, ndiye musagwe ulesi msanga.

Ntchito zapakhomo n'chimodzimodzi. Chapani zovala zochepa kawiri kapena katatu pa sabata m'malo mwa mulu wonse Loweruka, ndipo beseni liikeni pamwamba kuti musawerame nthawi yaitali. Tungani ndi ndowa yaing'ono. Kumunda limani mizere yowerengeka, mupume musanatope. Ndikudziwa anthu adzanena kuti mayi uja wayamba kudzikonda, pakuti kwathu mkazi amatamandidwa ndi kupirira. Asiyeni anene. Amene amagona masiku awiri osatha kuyatsa moto ndinu, si iwo.

Za tulo, muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, tiyi musamwe madzulo, ndipo masana musagone nthawi yaitali. Kusamba madzi ofunda kumafewetsa thupi.

Matendawa sapha, salumalitsa mfundo, koma mankhwala owachiziratu palibe. Aliyense wokugulitsani botolo loti lichotsa zonse akungokudyerani ndalama. Ine ndikugwirabe ntchito yanga yosamalira okalamba, ululu ulipo koma wachepa. Chonde pitaninso kuchipatala, mukawauze kuti ululuwo watha miyezi ingati ndi mmene mukugonera, ndipo musamwenso mankhwala a malungo popanda kuyezetsa. Kalatayi muwawerengerenso alamu, kuti mukaima pa mphindi 12 adziwe chifukwa chake.

Moni kwa ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
ku Leeds