Kakalata kopita kwa aphunzitsi a kusukulu ya mkaka

Mwana akamakana kugona usiku, ambiri timathamangira kunena kuti wayamba mwano. Komatu nthawi zina gwero lake ndi tulo ta masana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masanato.

Wanga wamkazi ali ndi zaka 2 ndi miyezi 8. Amadzuka 5:30 m'mawa chifukwa ndimamusiya kusukulu ya mkaka ndisanakwere minibasi ya kuntchito. Kumeneko ankagona kuyambira 1:00 mpaka 3:30 masana. Ine ndikamugoneka 7:30, anali atangokhala maso maola anayi okha, choncho tulo tinalibe pobwerera. Ankalira, kupempha madzi, kutsika pabedi, mpaka 10 koloko. Nditawerengetsera, ndinapeza kuti akugona maola 10 okha pa tsiku. M'mawa ankadzuka ndi misozi, ine kuntchito n'kumangosinza.

Ndinalemba kakalata, chifukwa pageti m'mawa aphunzitsi amakhala ndi piringupiringu. Kanati: "Aphunzitsi, zikomo posamalira mwana wathu. Masiku ano akuvuta kugona usiku. Ndikupempha kuti sabata ino muzimudzutsa 3:00, ndipo kuyambira sabata ya mawa 2:30. Nthawi yomugoneka ikhale yomweyo. Ngati zingasokoneze ana ena, tiuzeni tikambirane."

Sindinapemphe kuti aleke kumugoneka, poti mwana wa msinkhuwu akapanda kugona masana amatopa mopitirira, ndipo usiku amavuta koposa. Ndinasankhanso kudula chakumapeto kwa tulo, chifukwa chofunika n'kutalikitsa mpata pakati pa kudzuka masana ndi kugona usiku. Kwa wangayu mpatawo umafunika upose maola asanu.

Aphunzitsi anayankha kuti ana akagona ndi pamene iwo amadya ndi kukolopa. Anali ndi mfundo. Tinagwirizana kuti akamudzutsa azimupatsa buku la zithunzi, akhale phee pamphasa pafupi nawo.

Masiku oyamba ankadzuka wokwiya, koma pofika sabata yachitatu ankagona 8:00. Maola 9 ndi theka usiku, kuwonjezera ola ndi theka masana, akukwana 11.

Mukayesa, yang'anani zizindikiro. Mwana akamagona kumsana pobwerera kunyumba madzulo, kapena kulira mpaka kukana nsima, ndiye kuti mwadula kwambiri; bwezerani mphindi 15 ndipo dikirani masiku angapo musanasinthenso. Loweruka ndi Lamlungu sungani nthawi yomweyo, apo ayi Lolemba mudzayambiranso. Koma ngati akuliza mkonono kwambiri, kutentha thupi kapena kugwiragwira khutu, kalata siingathandize. Pitani naye kuchipatala.