Munalipila kale? Osathamangila kulipila futi

Tenda itsekedwa pa Chisanu, ndipo pa mapepa amene afuna pali Tax Clearance Certificate ya ku ZRA. Mwalowa pa TaxOnline kuti muipemphe, manje sikilini ikuuzani kuti muli na nkongole ya K1,500. Koma risiti ili m'thumba mwanu. Anzanga ambili a mabizinesi ang'onoang'ono akafika apa amalipila kachiwili kuti zinthu ziyende. Ine nimakana, mwandi. Ndalama ija nthawi zambili ili momwemo, inangokhala pa mpando wolakwika.

Tinene kuti mumasapulaya mapepa na inki ku masukulu, ndipo muli pa Turnover Tax. Msonkho wa Malichi ufunika kulipilidwa pofika pa 14 Epulo. Musanalipile, mumatenga PRN, nambala imene imauza sisitemu kuti ndalama ni ya TPIN iti, ya msonkho uti, komanso ya mwezi uti. Manje chifukwa tsiku lolipila linali mu Epulo, chala chinasankha Epulo. Banki inalandila, risiti inatuluka bwinobwino. Koma m'buku, Malichi akali na nkongole ya K1,500 imene ikubala penoti na chiwongoladzanja, pamene Epulo wasunga K1,500 ya mwezi wina.

Mungadziwe bwanji kuti ni zimene zachitika? Osayang'ana chabe nambala yaikulu ya pansi. Tsegulani sitetimenti ya msonkho umenewo, muyende mwezi na mwezi, risiti ili pambali. Mukaona ndalama yotsala pa mwezi wina yolingana ndendende na nkongole, wakuba mwamupeza. Onaninso pa misonkho ina imene munalembetsa, monga PAYE, chifukwa ndalama imasochelela kumenekonso. Ngati PRN yanu siioneka pena paliponse, nkhani ni ina: yambilani ku banki kapena ku kampani ya foni imene munalipilila, akupatseni umboni wakuti ndalama inapita.

Mukaipeza, lembani kalata yaifupi ku ofesi ya ZRA imene imaona faelo yanu. Ikanimo TPIN, PRN, tsiku, kuchuluka kwa ndalama, mwezi umene inagwela na mwezi umene ifunika kupita. Phatikizani kope ya risiti, yeniyeni ikhale kunyumba, ndipo kope yanu ya kalata aidinde. Mu kalata yomweyo pemphani kuti aonenso penoti, popeza tsiku la pa risiti lionetsa kuti simunachedwe. Apa ambili amaiwala: K1,500 imasamuka, koma kapenoti kotsala kangagwilebe satifiketi.

Ngati tenda yakupanikizani zoona mpaka mwasankha kulipila futi, kalata ija lembanibe, kuti ndalama yoyamba iwelengedwe pa mwezi wa kutsogolo. Ndipo musanabwelele pa TaxOnline kukapempha, onani kuti ritani ya mwezi uliwonse inapelekedwa, ngakhale ya mwezi umene simunagulitse kanthu.