Phewa limayankha likagwiridwa

Ntchito yanga ndi ya mafizo kuno ku Mchinji, ndipo chida changa chachikulu ndi manja. Anthu a phewa amalowa ndi mawu amodzimodzi: "Mkonowu ukukana kukwera." Koma mkono umakana pa zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo ndikasokoneza ziwirizi ndimupweteka munthu amene wabwera kudzafuna thandizo.

Tsiku lina ndinalandira mayi wa zaka 52 wochokera cha ku Kamwendo. Sanagwe, sanamenyedwe. Phewa linangoyamba kuwawa pang'onopang'ono pambuyo pokolola mtedza, makamaka usiku akaligonera. Patatha miyezi isanu anali atalephera kumanga duku ndi kutwika ndowa. Ndinawauza kuti akweze mkono okha, unathera m'munsi mwa phewa. Kenako ndinati, "Mayi, ulekerereni mkonowu, ndiunyamule ine." Ndinaukweza, koma unaima pamalo omwewo, gwa, ngati chitseko chomwe chagunda mwala.

Pamenepa ndi pamene pagona luso lathu. Pamene mafupa a phewa akumana pali kathumba kofewa kokuta mfundo yonse. Kathumbako kakatupa n'kukhwinyata, phewa limauma, ndipo ngakhale wina akunyamulireni mkono, supita. Kuti nditsimikize, ndimakhazika chigongono cha wodwala m'nthiti, n'kutembenuzira dzanja kunja monga mmene timatsegulira chitseko. Dzanja labwino la mayiwa linatseguka bwinobwino, lodwalalo linangosuntha pang'ono. Ndinawatumiza kukayezetsa shuga, chifukwa vutoli limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka amayi ndi odwala shuga. Anapezeka nayo, asakudziwa. Ekisire inaonetsa mafupa ali bwino. Ndimaifuna ndithu, popeza nyamakazi, kuguluka kwakale ngakhale TB ya m'mfundo nazonso zimaumitsa phewa.

Ndinawauza zoona, kuti phewa louma limamasuka mochedwa, chaka chimodzi mpaka zitatu. Likadali pa ululu waukulu sitilikakamiza. Timayamba ndi mankhwala ochepetsa ululu, nsalu yofunda, ndi kuwerama n'kumalendewetsa mkono. Ululu ukatsika ndi pamene timayendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, kapena kugwira mpini wa khasu ndi manja awiri, dzanja labwino likukankha lodwala, kawiri kapena katatu pa tsiku. Jakisoni wa m'phewa amachepetsa ululu, koma amakweza shuga kwa masiku angapo, choncho kwa mayiwa tinafunika kusamala. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona munthu atamangirira mkono pachitenje miyezi iwiri pofuna kuupumitsa. Akamadzaumasula amapeza wauma koposa.

Sabata yomweyo kunabwera bambo wa kabaza amene anagwa ndi njinga yamoto pamsewu wopita ku Mwami, atatsamira dzanja. Okha sankatha kukweza mkono, ankangonyamula phewa lonse kulifikitsa kukhutu. Koma nditaunyamula ine, unakwera mpaka pamwamba osagunda kanthu. Mfundo inali yomasuka, chimene chinasowa ndi chokoka. Phewa limazunguliridwa ndi minofu inayi, uliwonse uli ndi mtsempha wolimba wouumangirira ku fupa. Sindikunena mtsempha wa magazi ayi, koma chingwe choyera chija timachiona pa mwendo wa mbuzi. Umene umang'ambika kawirikawiri ndi wa pamwamba, wothandiza kukweza mkono cham'mbali.

Ndinaukweza mkono wawo cham'mbali n'kunena kuti, "Bambo, tsitsani pang'onopang'ono." Utafika pakati unangogwa, phi! Ndinakanikizanso dzanja lawo iwo akulimbana nane, mphamvu munalibe. Ululu wokha ungathe kufooketsa mkono, n'chifukwa chake ndimayesanso ululu utachepa, ndikuonanso ngati khungu la paphewa lachita dzanzi, chomwe chimaloza ku mitsempha ya ubongo.

Ekisire ya bambowa inalinso yoyera, ndipo iwo anasangalala kuti palibe chathyoka. Ndinawafotokozera kuti ekisire imaona mafupa, siiona mtsempha. Woonetsa kung'ambika ndi sikani. Ndinawalembera kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku Lilongwe mosazengereza, chifukwa mtsempha woduka pangozi umabwerera m'mbuyo, mnofu wake n'kumafota, ndipo pakapita miyezi kusoka kumavuta. Kwa agogo amene mtsempha wangoperepeseka ndi ukalamba ndi khasu, nthawi zambiri kulimbitsa minofu yotsalayo kumakwanira popanda opaleshoni.

Inu amene mwagwa, mkono n'kukana kukwera kupitirira sabata imodzi, musadikire mphini kapena mafuta opaka, bwerani tidzaugwire. Ndipo phewa likatupa n'kutentha thupi, kapena ululu wake ukabwera ndi kubanika pachifuwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.